Dzina la bizinesi: lonena zomwe mukugulitsa lero, kapena losiya malo a katundu wa mawa?

Dzina la bizinesi limagwira ntchito ziwiri, ndipo ntchito ziwirizi zimakonda kukokana. Yoyamba ndi youza munthu amene sakukudziwani chomwe mukugulitsa, kuti aime ndi kufunsa mtengo. Yachiwiri ndi yosunga mbiri yanu, kuti amene adagula kwa inu chaka chatha nakhutira, akaona dzina lomwelo pa katundu wina, atenge osakayika. Bizinesi ikamayamba, ntchito yoyambayo ndi imene imabweretsa ndalama. Ikakhazikika, yachiwiri ndiyo imakula. Vuto ndi lakuti dzina mumalisankha pachiyambi, pamene mpamba uli wochepa ndipo maganizo onse ali pa kugulitsa kwa sabata ino.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze mayi wina wa pa Kamwendo m'boma la Mchinji, amene wayamba kupanga chiponde. Amagula mtedza wa CG7 kwa alimi, nkukazinga, nkugaya ndi makina ake aang'ono, nkuthira m'mabotolo. Amagulitsa pamsika, m'magolosale angapo, komanso kwa anthu a ku Lilongwe amene amaitanitsa pa WhatsApp. Tsopano akufuna kulembetsa bizinesi ndi kusindikiza malebulo, ndiye akuyenera kusankha dzina.

Tisanaone mayina, tione kumene bizinesi yotere imalowera, chifukwa si nkhani yamaloto ayi. Mtedza umatchipa nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, koma pofika Disembala ndi Januwale umasowa ndipo mtengo umakwera. Amene alibe ndalama zogulira matumba a chaka chonse amapeza kuti makina ake akungokhala miyezi ingapo. Ndiye amayamba kufunafuna china choti apange: nsinjiro, mtedza wokazinga wa m'timapaketi, ufa wa soya, ufa wa phala wosakaniza chimanga ndi soya. Makasitomala nawonso amafunsa okha kuti, "Mayi, ufa wa phala la mwana mulibe?" Katundu watsopano amabwera motero, mosachita kumukonzekera, ndipo amapeza dzina litalembedwa kale pachikwangwani.

Dzina lotchula katundu

Njira yoyamba ndi yoti mayiyu angoti "Chiponde cha Kamwendo". Dzina ili lisanyozedwe. Munthu akaliona pa botolo m'golosale safunsa kanthu, wadziwa kale kuti mkatimo muli chiyani komanso kuti zachokera kudera lodziwika ndi mtedza. Wina akalemba mawu oti chiponde pa Facebook pofuna wogulitsa, tsamba la mayiyu likhoza kutuluka. Kwa munthu wopanda ndalama zolengezera malonda pa wailesi, dzinali likugwira ntchito yolengezayo mwaulere, tsiku lililonse.

Zovuta zake zimaonekera mtsogolo. Tsiku limene mayiyu ayike ufa wa phala m'paketi yolembedwa "Chiponde cha Kamwendo", wogula asokonezeka. Wina aganiza kuti ufawo uli ndi mtedza, wina aganiza kuti mapaketi asakanizika. Mwini golosale polemba oda sadziwa kuti alembe bwanji. Choipa kwambiri ndi chimene simuchiona ndi maso: sukulu ya mkaka kapena malo olerera ana amene akufuna wowaperekera ufa wa phala sangaganize nkomwe zoimbira foni bizinesi imene dzina lake likuti ndi ya chiponde. Simudzamva kuti mwataya kasitomala ameneyo, chifukwa sadafike nkomwe.

Dzina la malo nalonso limamanga. Mayiyu akasamukira ku Lilongwe, kapena akayamba kugula mtedza wa ku Kasungu ndi Dowa, mawu oti Kamwendo sakunenanso zoona zonse.

Palinso nkhani ya malamulo imene ambiri saidziwa. Dzina longofotokoza katundu ndi malo ndi lovuta kuliteteza ngati chizindikiro cha malonda. Lamulo la zizindikiro za malonda, lomwe ku Malawi lidakonzedwanso mu 2018, silipatsa munthu mmodzi umwini wa mawu amene aliyense wa malonda omwewo akuyenera kuwagwiritsa ntchito. Chiponde ndi cha tonse, Kamwendo ndi wa onse okhala kumeneko. Mnzanu akatsegula yake nkuitcha "Chiponde Chabwino cha Kamwendo", mudzakhala ndi poyambira pochepa kwambiri pomuletsa, ngakhale akudyera mbiri imene mudaivutikira.

Kodi dzina lotere limapha bizinesi? Ayi. Kampani ya Zambeef ya ku Zambia ili ndi nyama ya ng'ombe m'dzina lake lenilenilo, koma lero imagulitsa nkhuku, mkaka, ufa wa tirigu ndi zakudya za ziweto. Koma taonani mmene idachitira: idachita kupanga mayina ena, monga Zamchick, Zammilk ndi Novatek, lililonse ndi mapaketi ake ndi kulengeza kwake. Kuno kwathu, New Building Society itasanduka banki mu 2004 idafupikitsa dzina nkukhala NBS Bank, chifukwa dzina lakalelo linkanena za ngongole za nyumba basi. Njira yotulukira ilipo, koma imafuna ndalama zimene makampani amenewo adali nazo. Mayi wa pa Kamwendo alibe.

Ine ndinganene kuti dzina lotchula katundu ndi loyenera pamene luso lanu kapena zipangizo zanu zakumangirirani pa ntchito imodzi ndipo mwakhutira nazo. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo, mwini chigayo, wokonza njinga zamoto: awa akakula amatsegula nthambi ina ya ntchito yomweyo. Kwa iwo dzina lonena ntchito ndi chuma. Koma amene akupanga chakudya ndi makina otha kugaya zinthu zingapo, aganize kawiri.

Dzina lonyamula chilichonse

Poopa kumangika, ambiri amathawira kumbali ina. Yendani m'tauni iliyonse muwerenge zikwangwani: "General Dealers", "Investments", "Enterprises", "General Suppliers". Chifukwa chake ndi chomveka. Munthu akufuna satifiketi imodzi imene angaperekere mapepala a muofesi lero, simenti mawa, nyemba mkuja. Kwa amene bizinesi yake ndi yofunafuna matenda a boma ndi a mabungwe, dzina lotere silimupweteka kwenikweni, chifukwa amene amamupatsa ntchito amayang'ana mapepala ndi mitengo, osati kukoma kwa dzina.

Koma pa botolo la chakudya, dzina ili ndi lofooka. Silikumbukika, chifukwa likufanana ndi mazana ena. Kasitomala amene wakonda chiponde chanu akafuna kuuza mnzake, sanena kuti "kagule cha Tiyamike General Dealers". Amati "cha mayi uja wa pafupi ndi depoti". Ndiye kuti dzina lanu silikuyenda pakamwa pa anthu, ndipo tsiku limene mayiyo sadzakhala pafupi ndi depoti, mbiri yonse yatayika. Kwa ena dzinali limabweretsanso kukayika: munthu wogula chakudya cha mwana amafuna kumva kuti wopangayo ndi katswiri wa chakudya, osati wogulitsa chilichonse chimene chamupeza.

Anthu amati dzina lotere limasiya malo okulira. Zoona zake ndi zakuti limasiya malo pa pepala pokha. M'mutu mwa ogula silikhalamo nkomwe.

Dzina la munthu

Dzina lanu kapena la banja limalola katundu wina aliyense, ndipo limauza ogula kuti pali munthu amene angayankhe zinthu zikalakwika. Tsabola wa Nali ndi chitsanzo chodziwika: dzinali lidachokera kwa amene adayambitsa bizinesiyo m'boma la Thyolo m'zaka za m'ma 1970, bambo Nalilo Khoromana, ndipo ndi lalifupi moti mwana aliyense amalitchula. Chenjezo ndi lakuti dzinalo limamangirira bizinesi pa inu. Mukadzafuna kuigulitsa, kapena kulowetsamo mnzanu wobweretsa mpamba, kapena ngati ndi dzina la kubanja kumene mudakwatiwa ndipo banja lasokonekera, nkhani imavuta. Komanso mayina ofala ngati Banda, Phiri ndi Mwale sakusiyanitsani ndi wina aliyense. Amene ali ndi dzina lachilendo pang'ono, lalifupi, losavuta kulemba, ameneyo njira iyi imamuyanja.

Dzina lotchula dera la ntchito, ndi mawu ofotokoza pansi pake

Njira imene ndimaikonda kwa munthu ngati mayi wa chipondeyu ndi yogawa ntchito ziwiri zija. Dzina lenileni likhale lalifupi, lolozera mtundu wa ntchito koma losatchula katundu mmodzi. Pansi pake, m'zilembo zazikulu bwino, pakhale mawu onena chimene chili m'botolomo. Dzinalo silisintha. Mawu apansiwo amasintha ndi katundu.

Mwachitsanzo, mayiyu atati asankhe mawu oti "Mtondo". Pa botolo palembedwa Mtondo pamwamba, pansi pake "Chiponde chopanda shuga". Chaka chamawa paketi ina ilembedwa Mtondo, pansi pake "Nsinjiro". Kenako Mtondo, "Ufa wa phala wa chimanga ndi soya". Palibe chimene chikumveka chachilendo, chifukwa zonsezi ndi zosinja ndi zogaya, ndipo aliyense wakula akuona mtondo pakhomo. Wogula watsopano sasochera, poti mawu oti chiponde akuwaona. Wogula wakale akuzindikira dzina. Kampani ya TNM imachita zofanana ndi izi pamlingo waukulu: dzina la kampani lili apo, ndipo ntchito yotumiza ndalama ili ndi lake, Mpamba.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo ndi bwino kuudziwa. Miyezi yoyamba dzina loti Mtondo palokha siligulitsa kanthu. Mukangolemba Mtondo pachikwangwani osaonjezera mawu ofotokoza, anthu adzaganiza kuti mumasema mitondo. Choncho mawu apansiwo asasowe paliponse: pa chikwangwani, pa tsamba la Facebook, pa dzina la WhatsApp. Mayiyu angalembe "Mtondo: chiponde ndi nsinjiro" pa tsamba lake, ndipo mawu achiwiriwo angawasinthe tsiku lina osapita ku ofesi iliyonse.

Ilinso ndi malire, ndipo malirewo ndi abwino. Mtondo ungalole uchi movutikira pang'ono, chifukwa wogula ndi yemweyo ndipo zonse ndi zapatebulo. Koma mayiyu akadzayamba kupanga sopo, kapena kugulitsa mankhwala othira m'chimanga, asaike dzina limeneli. Palibe kholo lofuna kuona dzina la phala la mwana wake pa botolo la mankhwala a anankafumbwe. Muyeso wake ndi uwu: kodi katundu watsopanoyu agulidwa ndi munthu yemwe uja, pa chifukwa chofanana? Ngati yankho ndi inde, dzina limodzi likwanira. Ngati ndi ayi, pakufunika dzina lina la katunduyo, ngakhale bizinesi yolembetsedwa ikhale imodzi yomweyo.

Kumbukiraninso kuti dzina limodzi limagawa zabwino ndi zoipa zomwe. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chuku chimenecho chimabala poizoni wotchedwa afulatokisini. Chiponde cha Mtondo chikapezeka ndi vuto limeneli, ufa wa phala wa Mtondo nawonso anthu ausiya, ngakhale ulibe mtedza. Amene wasankha dzina limodzi wasankhanso kusamala katundu aliyense mofanana.

Kodi kusintha dzina kumadya chiyani?

Anthu ambiri amati, "Ndiyambe ndi ili, ndikadzakula ndidzasintha." Tiyeni tione zimene zimamatirira pa dzina pakangotha zaka ziwiri. Pali satifiketi ya bizinesi yochokera ku ofesi yolembetsa mabizinesi, imene ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General. Pali nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, akaunti ya ku banki, layisensi ya ku khonsolo, nambala yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, chidindo, mabuku a malisiti. Ngati katundu adayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, mapepala awo nawonso ali ndi dzinalo. Chilichonse mwa izi chimafuna ulendo wake, kalata yake, ndipo nthawi zambiri malipiro ake. Pamene mapepala ena asintha ena asanasinthe, sitolo yaikulu ikhoza kuchedwetsa malipiro anu chifukwa dzina la pa invoisi silikugwirizana ndi la pa akaunti.

Ndiye pali malebulo. Osindikiza amatsitsa mtengo mukaitanitsa ambiri, choncho ambiri amasindikiza ochuluka kamodzi. Tingoyerekeza kuti mayiyu adasindikiza malebulo 3,000 pa K150 lililonse, ndiye K450,000. Ngati amagulitsa mabotolo 200 pamwezi, malebulowo ndi a miyezi 15. Akasintha dzina patatha miyezi 6, ndiye kuti malebulo 1,800 atsala, a ndalama zokwana K270,000, oti angotayidwa. Mitengo yeniyeni imasinthasintha, koma kawerengedwe kake ndi komweko, ndipo ndalama imeneyo ikadagula matumba a mtedza nthawi yokolola.

Chodula kuposa zonsezi ndi pakamwa pa anthu. Celtel idasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, ndi kulengeza kwa pa wailesi ndi zikwangwani dziko lonse, komabe anthu adapitiriza kunena kuti Celtel kwa nthawi yaitali. Bizinesi yaing'ono ilibe mphamvu yolengeza chotero. Wogula akapita m'golosale nkusapeza botolo limene adalizolowera, safunsa kuti lasintha dzina kapena ayi. Amatenga la wina.

Apa ndi pamene njira yogawa ija imaonetsa phindu lake. Mayi wa Mtondo akaonjezera ufa wa phala, satifiketi, TPIN, akaunti ndi chidindo zonse zikhala mmene zilili. Chatsopano ndi lebulo la ufawo basi, komanso kuuyesetsa, chifukwa a Bureau of Standards amayesa katundu aliyense payekha. Chizindikiro chimene adakupatsani pa chiponde musachiike pa ufa, ngakhale dzina ndi limodzi. Polembetsa, pamene fomu ikufunsa mtundu wa bizinesi, ndi nzeru kulemba kuti kukonza ndi kugulitsa zakudya, kusiyana ndi kulemba chiponde chokha.

Kuyesa dzina musanalipire kanthu

Tengani pepala mulembe katundu wanu wa lero, ndi zinthu zitatu zimene mukuona kuti mungadzaonjezere ndi makina, luso ndi makasitomala omwe muli nawowa. Osalemba zakutali ngati mabasi kapena malo ogona alendo; lembani zimene zili pafupi. Kenako ikani dzina patsogolo pa chilichonse nkutchula mokweza. Pamene lilime lakana kapena mwayamba kufotokoza, pamenepo ndiye pali malire a dzinalo. Ngati likukana pa katundu wachiwiri, ndi lopapatiza. Ngati likulola ngakhale simenti ndi matayala, ndiye kuti silikunena kanthu.

Kenako imbirani foni anthu angapo osakhala achibale, muwauze dzinalo kamodzi, muwapemphe alilembe pa meseji. Likabwera lolembedwa mosiyanasiyana, dziwani kuti pa Facebook sadzakupezani. Ngati mumagulitsa cha kumalire, monga ku Mchinji kumene ogula ena amachokera ku Chipata, kapena kumpoto kumene amalankhula Chitumbuka, funsani ngati mawuwo alibe tanthauzo lina loipa kumeneko.

Dzina likapambana mayeso amenewa, fufuzani ngati lili ndi mwini. Ofesi yolembetsa imakana dzina lofanana ndi lolembetsedwa kale, ndiye pitani ndi mayina awiri kapena atatu, ndipo musasindikize lebulo lililonse satifiketi isanatuluke. Mawu ngati Mtondo ndi okoma, ndipo pa chifukwa chomwecho nkutheka kuti wina adawatenga kale.

Dziwaninso kuti kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri. Choyamba chimakulolani kuchita bizinesi ndi dzinalo. Chachiwiri ndi chimene chimakupatsani mphamvu yoletsa wina kuika dzinalo pa katundu wofanana ndi wanu, ndipo chimagwira ntchito zaka 10 kenako mumachikonzanso. Zizindikiro zimalembetsedwa m'magulu a katundu ndi ntchito, omwe alipo 45. Izi zikukhudza nkhani yathu mwachindunji: chiponde ndi mafuta ophikira zili m'gulu 29, pamene ufa, uchi ndi tsabola wa m'botolo zili m'gulu 30. Mayi amene wateteza Mtondo m'gulu 29 lokha angadzapeze kuti wina walembetsa dzina lomwelo pa ufa, katundu amene iye amafuna kudzalowamo. Ngati ndalama zilipo, magulu awiriwa ndi oyenera kuwatenga limodzi. Ngati palibe, yambani ndi gulu la katundu wa lero, koma lachiwirilo mulitenge musanauze anthu kuti ufa ukubwera.

Ngati muli kale ndi dzina lopapatiza

Musathamangire kulifafaniza. Yambani mwaona ngati muli mawu m'dzinalo amene makasitomala amawatchula kale okha. Ngati bizinesi ndi "Chiponde cha Kamwendo" ndipo eni magolosale amangoti "tibweretsereni Kamwendo makatoni awiri", ndiye kuti akusonyezani njira. Pa malebulo otsatira kulitsani mawu oti Kamwendo, mawu oti chiponde atsike pansi akhale ofotokoza. Mtundu wa lebulo, kaonekedwe ka botolo ndi chithunzi zisasinthe, chifukwa ogula ambiri amazindikira botolo ndi maso asanawerenge.

Ngati palibe mawu otere ndipo mukuyenera kutenga dzina latsopano, lolani mayina awiriwo ayendere limodzi mpaka malebulo akale atha. Dzina latsopano likhale pamwamba, ndipo pansi pake palembedwe kuti "opanga Chiponde cha Kamwendo". Katundu watsopano atuluke ndi dzina latsopanolo kuyambira tsiku loyamba. Nambala ya foni isasinthe nthawi yomweyo, tsamba la Facebook mulisinthe dzina m'malo motsegula lina, ndipo eni magolosale muwauze pamaso, mmodzimmodzi, mutanyamula botolo lakale ndi latsopano. Za mapepala, yambani ndi ofesi yolembetsa, chifukwa a MRA, a banki ndi a khonsolo adzafuna kuona satifiketi yatsopano asanasinthe zawo. Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi miyezi imene malonda ali pansi, mtedza utasowa, kuti pofika nyengo yokolola malebulo atsopano akhale atafika ndipo akaunti ikhale ikulandira ndalama pa dzina limene lili pa invoisi.